Chithunzi cha msika sichikhala ndi matope: zoyenera kunenedwa pamsonkhano wa ku Chiputula

Masiku ano chitukuko chimayamba kufika m'dera chili papepala. Khonsolo ikaganiza zomanga msika, imatuma katswiri wa mapulani a mzinda kuti akakumane ndi eni dera, ndipo iye amapita ndi zithunzi zazikulu zopangidwa pakompyuta. Pazithunzipo pamaoneka shedi ya denga lowala, mabenchi ofoleredwa bwino, mitengo ya mthunzi, pansi poyera ngati pangosesedwa kumene, ndi anthu ochepa oyenda mosapanikizana. Nkhani ino ikuunika zimene katswiri wotere ayenera kunena ataima pamaso pa anthu a ku Chiputula, mumzinda wa Mzuzu, zithunzizo zili m'manja. Maganizo anga ndi akuti kuonetsa chithunzi popanda kufotokoza pamene chikulekezera n'kulonjeza zinthu zimene sunazitchule pakamwa, ndipo anthu adzakufunsa malonjezowo. Komanso kungoti "izi n'zongoyerekeza" sikokwanira. Woyankhula ayenera kugawa zimene zili pachithunzicho patatu, zimene zagamulidwa kale, zimene anthu angathebe kusintha, ndi zimene wojambula anangoikapo kuti pakongole, ndipo ayenera kuchita zimenezi ndi manambala amene mayi wogulitsa usipa angathe kukawayesa yekha pamalopo.

Tiyambe ndi mmene chithunzi choterechi chimapangidwira, chifukwa malire ake amachokera pomwepo. Wojambula amamanga msikawo mkati mwa kompyuta ndi pulogalamu monga SketchUp kapena Revit, akuika zipilala, makoma ndi denga pa miyezo imene wasankha. Akatero amauveka maonekedwe: apa pakhale simenti, apa malata obiriwira, apa matailosi. Kenako amatenga anthu, mitengo ndi magalimoto m'nkhokwe ya pulogalamuyo n'kumwaza pamene akufuna. Chomaliza ndi kamera, imene kwenikweni ndi malo amene wojambula wasankha kuti diso liime. Angaliike m'mwamba pamene pamadutsa khwangwala, pamene munthu wogula tomato sadzaimapo. Angalitambasule kuti lione mbali zonse nthawi imodzi, ndipo akatero kanjira kopapatiza kamaoneka ngati msewu. Dzuwa nalo amaliika yekha, pa ola ndi mwezi umene wakonda, ndipo ojambula sakonda mvula. Ntchito yonseyi ingathe kutha m'masiku ochepa, munthu asanapondeko ku Chiputula, nthaka isanapimidwe, ndalama zisanapezeke. Chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti kompyuta imajambula maganizo osapsa ndi maganizo okhwima mofanana ndendende. Kale katswiri akajambula ndi pensulo, mizere yosamalizika inkadziulula yokha kuti nkhani idakali pokambirana. Chithunzi cha pakompyuta chimaoneka chotha ngakhale pamene palibe chimene chatha, ndipo n'chifukwa chake pakamwa pa woyankhula payenera kubwezera chikaiko chimene makina achotsa.

Funso loyamba la wogulitsa aliyense ndi la malo: kodi ine ndikhala pati, ndipo tonse tikwana? Apa ndi pamene pali malire oyamba: chithunzi sichiyankha funsoli chifukwa chilibe sikelo. Papulani ya pansi yojambulidwa pa sikelo ya 1:100, sentimita imodzi ndi mita imodzi, ndipo mwana wa sukulu wokhala ndi rula angakuuzeni kukula kwa benchi. Pachithunzi, zapafupi zimakula, zakutali zimachepa, rula ilibe ntchito. Tiyerekeze kuti shedi imene ikuonetsedwa ndi ya mamita 40 m'litali ndi mamita 20 m'lifupi. Tinene kuti benchi iliyonse ndi ya mita imodzi ndi theka kutsogolo kwake, masentimita 90 kulowa mkati, ndipo wogulitsa ali ndi mita imodzi kumbuyo kwa benchi yoti aimepo ndi kuikapo matumba. Njira ya ogula ikhale ya mamita 2.4, kuti munthu wosenza dengu apatukane ndi wokankha wilibala. Njira imodzi ndi mizere iwiri ya mabenchi, uku ndi uku, zikudya mamita 6.2. M'lifupi la mamita 20 mulowa njira zitatu zotere, kutanthauza mizere isanu ndi umodzi. Pa mamita 40 a m'litali tichotsepo anayi a njira zopingasa, patsala 36, ndipo mzere uliwonse ukhala ndi mabenchi 24. Shedi yonse ndi mabenchi 144. Ngati kalembera wa khonsolo wapeza ogulitsa 300, ndiye kuti anthu 156 alibe malo mushedi imene aliyense pamsonkhanopo akuiombera m'manja.

Nambala imeneyi iyenera kutuluka pamsonkhano woyamba, chifukwa ikapanda kutuluka pamenepo imadzatuluka tsiku logawa malo, ndipo tsiku limenelo sipakhala kukambirana. Pali njira zochulukitsira mabenchi, koma iliyonse ili ndi mtengo wake umene chithunzi sichionetsa. Benchi ikachepetsedwa kufika mita imodzi, mzere ukhala ndi mabenchi 36 ndipo shedi yonse 216. Kwa wogulitsa mchere ndi machesi mita imodzi ingakwane, koma wa kaunjika amene amayala belo lonse, kapena wa nthochi za mikoko, sangaone poyambira. Njira zikapanikizidwa kuti mulowe mzere wina, mitolo imayamba kugundana, ndipo tsiku la moto anthu amapondana pothawa. Misika ya m'Malawi muno imapsa, wa ku Lilongwe unapsa mu 2016 ndipo msika waukulu wa Mzuzu nawo unapsapo, choncho m'lifupi mwa njira ndi malo olowera galimoto yozimitsa moto si nkhani yokongoletsa. Katswiri wachilungamo amaika zosankhazi poyera kuti eni malonda asankhe okha chimene angapirire. Anthu khumi ndi awiri amene wojambula wamwaza m'shedimo ayeneranso kutchulidwa kuti ndi zidole za m'kompyuta, pakuti msika wa Loweruka kumapeto a mwezi sukhala choncho.

Malire achiwiri ndi a nthaka ndi madzi, ndipo ku Mzuzu amenewa ndiye aakulu. Mzindawu unamangidwa pa timapiri totsetserekera m'madambo, mvula yake imachedwa kusiya kusiyana ndi ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo madera monga Chiputula, Chibavi ndi Masasa anakula mofulumira kuposa ngalande zawo. Mu Epulo 2016 mvula yamphamvu inagwetsa nyumba zambiri mumzindawu n'kusiya mabanja m'misasa, ndipo anthu sanaiwale. Komabe pulogalamu yojambulira ikatsegulidwa imayamba ndi nthaka yosalala ngati tebulo, ndipo wojambula amene sanapatsidwe zotsatira za opima malo amangomanga pamenepo. Ngati malo enieniwo amatsika mita imodzi pa mamita 20 alionse, shedi yathu ya mamita 40 ija ili ndi kusiyana kwa mamita awiri pakati pa mutu ndi mchira. Kusiyanako kumathetsedwa pokumba kumtunda n'kukwirira kumunsi, pomanga khoma lotchinga dothi, kapena poika masitepe. Zonsezi ndi ndalama, ndipo masitepe amatsekereza munthu wa panjinga ya olumala ndi wokankha wilibala yemwe. Chitsetso chimene munthu angakwere yekha panjinga yotere sichiyenera kukwera kuposa mita imodzi pa mamita 12, ndiye pansi pa shedi pakakwezedwa masentimita 60 kuti madzi asalowe, pafunika chitsetso cha mamita 7.2. Malo amenewo achotsedwa kwinakwake, mwina pomwe pachithunzi paikidwa maluwa.

Denga nalo lili ndi nkhani yake. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi mbali zonse, ndi lita imodzi ya madzi. Denga la mamita 40 ndi 20 likalandira mvula ya mamilimita 50, imene ku Mzuzu si yachilendo, litaya malita 40,000, omwe ndi migolo 200 ya malita 200. Pamene panali dothi ndi udzu, gawo lina la madziwo linkalowa pansi. Pakakhala malata ndi simenti, pafupifupi onse amathamanga nthawi imodzi kulowera kumunsi, kumene kuli nyumba za anthu amene mwina sadzagulitsa kanthu mumsikamo. Chithunzi chimathera pa mpanda wa msika, kunja kwake wojambula amaikako kapinga kapena nkhungu yoyera, koma madzi sathera pa mpanda. Ichi n'chifukwa chake ndikuti msonkhano woterewu si wa ogulitsa okha. Okhala kumunsi kwa malowo ayenera kuitanidwa, ndipo ayenera kuonetsedwa papulani pamene ngalande ikuyambira, kukula kwake, ndi pamene ikukathira. Ngalande imene ikuthera pamsewu wafumbi ndi chigumula chimene chakonzedwa ndi ndalama za boma. Momwemonso ndi zimbudzi: chithunzi chimaonetsa kanyumba kopaka penti, koma chimene chili chofunika chili pansi, ngati ndi dzenje kapena thanki, mtunda wake kuchoka pa zitsime za anthu, ndi amene adzalipire bilu ya Northern Region Water Board mwezi ndi mwezi kuti mpopi usadulidwe.

Malire achitatu ndi a ndalama ndi nthawi. Kontirakitala samanga potsata chithunzi. Amamanga potsata mapulani osainidwa ndi ndandanda wa zipangizo, umene umanena matumba a simenti, kulemera kwa zitsulo, kukhuthala kwa malata, ndi mtengo wa chilichonse. Chimene sichili mundandandamo sichimangidwa, ngakhale chitawala chotani papepala. Magetsi oyendera dzuwa, mitengo yaikulu, malo oimikapo magalimoto oyalidwa timiyala ta simenti, nthawi zambiri zimakhala za wojambula. Mtengo umene pachithunzi ukupereka mthunzi udzafika pamalopo uli mbande ya m'chubu, ngati udzafike n'komwe. Ndipo ngakhale zimene zili mundandanda zimatha kufota ntchito ili mkati. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika 1,700. Pa katundu amene mtengo wake umatsata dola, ndalama imene ikanagula malata 100 inayamba kugula pafupifupi 70. Zikatero oyendetsa ntchito amadula, ndipo sadula denga chifukwa aliyense angaone. Amadula ngalande, mpanda, malo otayira zinyalala, mipopi, zinthu zija zimene zimapangitsa kuti shedi ikhale msika. Anthu a kumpoto safunika kuphunzitsidwa kuti mwala wa maziko si nyumba. Mwala wa yunivesite ya Mombera ku Mzimba unaikidwa mu 2015, ndipo malo a achinyamata a Mzuzu Youth Centre anayankhulidwa kwa zaka zambirimbiri makoma asanaoneke. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo woyankhula ayenera kunena mosabisa kuti pazithunzi zakezo ndi ziti zimene ndalama zake zili kale m'thumba.

Pali malire ena amene ngakhale pulani yabwino siingawachotse, ndipo ndi amene amapha misika yambiri yatsopano. Chithunzi chingaonetse nyumba, koma sichingaonetse ngati ogula adzabwere. Malonda a tsiku ndi tsiku amatsata mapazi a anthu: pamene minibasi imatsitsa, pamene anyamata a njinga za sakaramento amadikirira, njira imene anthu amadutsa madzulo pochoka kuntchito akufuna ndiwo za usiku. Chichokereni 2006, pamene boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda, makhonsolo akhala akulimbana ndi nkhani imodzimodzi: ogulitsa amapatsidwa malo mumsika, amakhalamo pang'ono, kenako amabwerera kumsewu akunena kuti mkatimo ogula safika. Mzuzu yaionanso nkhaniyi pa misika imene inakonzedwera mavenda. N'kosavuta kuwatcha osamvera, koma munthu amene mpamba wake ndi dengu limodzi la tomato sangadikire mwezi kuti ogula azolowere chipata chatsopano, tomatoyo aola m'masiku atatu. Choncho mbali imene chipata chayang'ana, mtunda wochoka pa siteji, ndi kumene kwaikidwa nsomba ndi masamba, zimene zimakoka anthu tsiku lililonse, n'zofunika kuposa mtundu wa denga. Pa mfundo imeneyi ogulitsa amadziwa zambiri kuposa katswiri, ndipo iye akaonetsa chithunzi chooneka chomalizika amatseka pakamwa pa anthu amene akanamuuza kuti chipata chalakwika.

Kodi tsono mawu ake amveke bwanji? Sikofunika luso la pamsonkhano wandale. Atalonjera mafumu, akhansala ndi akomiti ya msika, angathe kunena motere: "Amayi ndi abambo, chimene mukuonachi sichinamangidwe kulikonse, tachijambula pakompyuta. Malowa ndi kukula kwa shedi zagamulidwa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Chipata, zimbudzi ndi kagawidwe ka mabenchi sizinagamulidwe, n'zimene tabwerera kuti mutiuze. Mitengoyi, magetsiwa ndi galimoto zili apazi mulibe mubajeti, musaziwerengere. Mabenchi ndi 144, inu mulipo 300, ndiye tikambirane za otsalawo lero lomwe." Mawu ochepawa ali ndi zonse zitatu zija. Ku Chiputula ayenera kunenedwa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, pakuti timawu tachingerezi timene timalembedwa m'munsi mwa chithunzi, tonena kuti ndi maganizo a wojambula chabe, timateteza ofesi, sitithandiza womvera. Ndipo pambali pa chithunzi chokongolacho payenera kupachikidwa pulani ya pansi yokhala ndi sikelo, ndi chithunzi chenicheni cha malowo mmene alili lero, chojambulidwa munthu ataima pamene kamera ya pakompyuta ija inaikidwa. Ngati n'kosatheka kuimapo chifukwa ndi m'mwamba, anthu adziwe kuti akuonetsedwa msika umene maso awo sadzauona.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo yoyamba ndi yolimba. Amati anthu ambiri satha kuwerenga pulani, mizere ndi manambala zimangowasokoneza, pamene chithunzi aliyense amachimva, ndiye kuchinyoza n'kubwezera nkhani m'manja mwa ophunzira okha. Izi n'zoona ndithu, ndipo sindikunena kuti zithunzi zisiyidwe. Chithunzi chimathandiza munthu kuona kutalika kwa denga, ngati mphepo ya mu Juni idzawombe mkati, ngati m'mbali muli potseguka. Koma kusatha kuwerenga pulani sikutanthauza kusatha kuyesa malo. Mayi amene wagulitsa zaka khumi pa thumba loyala pansi amadziwa ndi maso ngati mita imodzi ndi theka ikumukwanira. Njira yoyesera malowo ndi yotsika mtengo kuposa kusindikiza zithunzi: kupita pamalopo ndi zikhomo, chingwe ndi laimu, n'kulemba pansi mzere umodzi wa mabenchi ndi njira yake pa kukula kwenikweni, kenako ogulitsa n'kuimamo ndi katundu wawo, wina n'kudutsa ndi wilibala. Pa ola limodzi zidziwika ngati njira ya mamita 2.4 ikukwana, ndipo zidziwikanso pamene madzi amaima, chifukwa okhala pafupi adzaloza ndi chala. Pomwepo pulani imasanduka chinthu chimene munthu wosapita kusukulu angathe kuchitsutsa, ndipo kufunsa anthu maganizo kumene sikulola kutsutsidwa ndi mwambo chabe.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti kunena zofooka kumaziziritsa anthu m'nkhongono. Ntchito ikufuna kuti ogulitsa avomere kusamuka kwa miyezi ingapo, eni malo oyandikana alole msewu kudutsa, opereka ndalama aone kuti anthu akuifuna, ndiye katswiri akayamba kuwerengetsa zosowa, aliyense abwerera m'mbuyo. Yankho langa n'lakuti chilolezo chopezedwa ndi chithunzi chimakhala mpaka tsiku limene makoma ayamba kuoneka. Kuyambira pamenepo anthu amayerekeza chimene chikumangidwa ndi chimene anaonetsedwa, ndipo masiku ano chithunzicho amakhala nacho pafoni. Kusiyana kulikonse kumamasuliridwa kuti ndalama zabedwa, ngakhale pamene chifukwa chake ndi kukwera kwa simenti kapena mwala umene wapezeka pansi. Khonsolo imataya chikhulupiriro pa mlandu umene sinapalamule, ndipo pa mlandu umene yapalamuladi imabisala mosavuta, popeza palibe amene akudziwa chimene chinalonjezedwa kwenikweni. Msika umayenda ndi ndalama za tikiti zimene ogulitsa amapereka tsiku ndi tsiku, ndipo ogulitsa amene akuona kuti anapusitsidwa ndi amene amayamba kunyanyala kulipira. Chisangalalo cha tsiku la msonkhano chimalipiridwa ndi wotolera tikiti kwa zaka.

Mfundo yachitatu imachokera mbali ina, ndipo ndi imene imandivuta kwambiri. Ena amati kufotokoza malire ndi njira yosambira m'manja. Katswiri akanena kuti mitengo ndi magetsi ndi zongoyerekeza, mawa adzanenanso kuti mabenchi ndi zimbudzi zinali zongoyerekeza, ndipo anthu adzasowa pomugwira. Mantha amenewa ali ndi maziko, chifukwa chenjezo losatchula kanthu limagwiradi ntchito imeneyo. Kusiyana kuli pakuti chenjezo labwino limachepetsa zolonjezedwa n'kulimbitsa zotsalazo. Munthu amene wanena kuti mabenchi ndi 144, zimbudzi ndi zingapo zakuti, ngalande ikathira pakuti, wadzimanga yekha kuposa amene wangoonetsa chithunzi n'kumwetulira. Kuti mawuwo asauluke, ayenera kulembedwa, kusainidwa ndi khonsolo ndi komiti ya msika, ndi kumatidwa pamalo oonekera, pamodzi ndi tsiku ndi nambala ya pulani imene yakambidwa, pakuti mapulani amasinthidwa kangapo ndipo anthu angavomere pulani yoyamba koma n'kumangiridwa yachinayi. Malamulo ali kumbali ya anthu pa nkhaniyi. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linakhazikitsa makhonsolo kuti anthu azitenga mbali pa chitukuko cha kwawo, lamulo la mapulani a malo la 2016 linalowa m'malo mwa la 1988 pa nkhani yovomereza zomangamanga, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zaboma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola nzika kupempha zikalata kuofesi yaboma. Komiti ya msika ingapemphe pulani ndi ndandanda wa zipangizo mwa kalata, ndipo siyenera kuchita manyazi.

Kunena zoona, pali zinthu zimene katswiri wa mapulani sangalonjeze ngakhale atafuna. Sagwira thumba la ndalama, sasankha kontirakitala, ndipo kagawidwe ka mabenchi kangathe kulowereredwa ndi anthu amphamvu kuposa iye. Ena angati n'kumulakwira kumusenzetsa zonsezi. Koma iye ndi amene akudziwa kusiyana kwa chithunzi ndi pulani, ndipo pamsonkhanopo mwina palibenso wina wodziwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mu Mzuzu, mzinda umene unayamba ngati munda wa mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940 n'kudzalandira ulemu wa mzinda mu 1985, ndipo ambiri mwa anthuwa amadya kuchokera m'malonda aang'ono. Malo apakati oti pangamangidwe msika sachuluka, ndipo shedi ikamangidwa molakwika imakhala pomwepo zaka makumi angapo. Pa zimene sangalonjeze, katswiriyo anene kuti ndani amagamula ndipo liti: ofesi iti ikusunga ndandanda wa ogulitsa, kalembera wake atsekedwa tsiku liti, amene ayambe malonda pambuyo pa tsikulo adzatani, ndipo pa miyezi yomanga anthu akagulitsira kuti. Funso lomalizali silioneka pachithunzi chilichonse, pamene kwa wogulitsa ndi limene lingamugwetse msika watsopano usanatsegulidwe. Ndipo bajeti ikadulidwa kapena pulani ikasinthidwa, msonkhano uitanidwenso, zithunzi zakale zichotsedwe pakhoma, anthu auzidwe chimene chachoka, n'kufunsidwa ngati pakati pa mpanda ndi ngalande akufuna kuti chitsale chiti.